Edipo ndi Michael Corleone: wina adalakwa osadziwa, wina adalakwa akudziwa

Mnyamata wina wa kusekondale adatibweretsera chimangirizo chake kuti tichiwerenge asanakachipereke kwa aphunzitsi. Funso lidali lakuti afanizire ngwazi imodzi ya m'nthano zakale za Agiriki ndi munthu mmodzi wa m'kanema wa masiku ano, wa mtundu uja amene nkhani yonse imatsamira pa iye ngakhale kuti zochita zake n'zoipa. Iye adasankha Edipo, mfumu ya mzinda wa Tebesi, ndi Michael Corleone wa m'kanema wotchedwa The Godfather. Adalemba mwaukhondo ndithu. Adati onse awiri adali ana a anthu otchuka, onse adali anzeru, onse adayesa kuthawa za kwawo koma adalephera, ndipo onse adapha mbale wawo. Pomaliza adati onsewo adagwa chifukwa cha kudzitama, natseka ndi mwambi wakuti choipa chitsata mwini.

Tidamuuza kuti mawu omalizawo ngolakwika, ndipo nkhope yake idagwa. Koma tidamuuzanso kuti asachite manyazi, pakuti kulakwa kumeneku si kwa iye yekha. M'chaka cha 1966 katswiri wa Chigiriki dzina lake E. R. Dodds adalemba nkhani yofotokoza zimene adapeza atawerenga mayankho a mayeso a ophunzira a ku yunivesite ya Oxford pa sewero lomweli la Edipo. Gulu lalikulu kuposa onse lidayankha monga mnyamata wathuyu, kuti Edipo adali ndi khalidwe loipa ndipo adalandira chilango chomuyenera. Ngati ophunzira odziwa Chigiriki adapunthwa pamenepa, ndiye kuti mwala wake udayikidwa kalekale panjirapo. Tiyeni tione amene adauyika.

Tiyambe ndi nthanoyo monga adayilembera Sofokelesi, mlembi wa masewero wa ku Atene, amene adamwalira m'chaka cha 406 Khristu asanabadwe. Sewero lake la Mfumu Edipo lidaonetsedwa cha m'ma 429, pa mpikisano wa masewero, ndipo akuti silidapambane: lidakhala lachiwiri. Layo, mfumu ya ku Tebesi, adauzidwa ndi olosera a mulungu Apolo kuti adzaphedwa ndi mwana wake yemwe. Mwanayo atabadwa adam'boola mapazi nampereka kwa mbusa kuti akamutaye kuphiri. Mbusayo adagwidwa ndi chifundo, nampereka kwa mbusa mnzake wa ku Korinto, ndipo mfumu ya kumeneko, imene idalibe mwana, idamulera ngati wakewake. Edipo atakula, munthu wina woledzera adamunyoza paphwando kuti sadali mwana weniweni wa mfumuyo. Iye adapita ku Delifi kukafunsa. Funso lakelo sadamuyankhe, koma adamuuza kuti adzapha bambo ake ndi kukwatira mayi ake. Atamva zimenezi adalumbira kuti sadzapondanso ku Korinto.

Ali paulendo, pamalo pokumanirana misewu itatu, adakumana ndi ngolo ya munthu wokalamba. Adafuna kumukankhira kunja kwa msewu, iye adamenya woyendetsa ngoloyo, ndipo wokalamba uja adam'kwapula m'mutu ndi ndodo yothamangitsira akavalo. Edipo adabwezera napha wokalambayo pamodzi ndi om'perekeza, kupatula mmodzi amene adathawa. Atafika ku Tebesi adapeza chilombo chimene chinkapha aliyense wolephera ndagi yake. Iye adayimasulira, ndipo anthu adamupatsa ufumu pamodzi ndi Yokasita, mkazi wamasiye wa mfumu yawo. Adabereka naye ana anayi. Wokalamba wa pamphambano uja adali Layo, ndipo Yokasita adali mayi ake.

Tsono apa pali chinthu chimene ana a sukulu ambiri sachiona. Zonse tafotokozazi sizichitika pabwalo la sewero ayi. Sewero limayamba patapita zaka zambiri, mliri utagwa mumzinda. Apolo wanena kuti mliriwo sudzatha mpaka wopha Layo atapezeka, ndipo Edipo akulonjeza anthu ake kuti amufunafuna. Sewero lonse ndi mlandu umene woweruza akufufuza osadziwa kuti wopalamula ndi iye mwini. Anthu atatu akuyesa kumuletsa. Mlosi wakhungu Tiresiya akukana kulankhula mpaka atam'kwiyitsa. Yokasita, atazindikira zoona mwamuna wake asanazindikire, akum'dandaulira kuti asiye. Mbusa wokalamba uja akulankhula pokhapokha ataopsezedwa. Edipo akadatha kuleka pa mmodzi mwa atatuwa nakhalabe mfumu. Sadaleke. Atadziwa zonse adapeza Yokasita atadzimangirira, ndipo adachotsa zipini za golide pa chovala cha mayiyo nadzibaya nazo m'maso.

Kodi kudzitama kwake kudamugwetsa pati? N'zoona kuti adali wamtima wapachala. Adanamizira mlamu wake Kireoni kuti akum'konzera chiwembu, ndipo adanyoza mlosi. Koma zimenezi adazichita zaka zambiri atapha kale bambo ake ndi kukwatira mayi ake, motero sizingakhale chiyambi cha tsoka lake. Komanso ulosi woyamba udaperekedwa iye asanabadwe, asanakhale ndi khalidwe lililonse loti n'kulangidwa nalo. Agiriki a nthawi imeneyo ankasiyanitsa kupha mwadala ndi kupha mosafuna. Malamulo a ku Atene adayamba kutero kuyambira masiku a Dirako, cha m'ma 621 Khristu asanabadwe. Koma ankakhulupiriranso kuti magazi a kholo amadetsa munthu ndi mudzi wonse, kaya adawakhetsa akudziwa kaya ayi. Edipo ngodetsedwa kotheratu, koma mlandu wa mumtima alibe. Sofokelesi mwiniwake, m'sewero limene adalilemba atakalamba, la Edipo ku Kolono, loonetsedwa m'chaka cha 401 iye atamwalira kale, adam'patsa Edipo mpata wodzitchinjiriza, ndipo mfundo yake ndi yomweyi: zimene adachita adazichita osadziwa.

Nanga ganizo lakuti ngwazi iyenera kukhala ndi chilema cha khalidwe lidachokera kuti? Lidachokera ku liwu limodzi. Patapita zaka pafupifupi 100, Aristotele adalemba kabuku kofotokoza za masewero achisoni. M'mutu 13 adati sewero lotere liyenera kudzutsa chifundo ndi mantha mwa oonera. Munthu woipitsitsa akagwa sitimva chifundo, pakuti wadzichitira yekha. Sitichitanso mantha, pakuti sitidziona ofanana naye. Wofunika ndi munthu wapakatikati, amene si wangwiro, koma amene sagwa chifukwa cha kuipa mtima. Amagwa chifukwa cha chimene Aristotele adachitcha hamaritiya, ndipo chitsanzo chake choyamba ndi Edipo. M'Chigiriki chakale, mneni wa liwu limeneli ankaugwiritsa ntchito pa msilikali woponya mkondo n'kuphonya. Ndi kuphonya, kulakwitsa, monga kuyesa mlendo munthu amene ali bambo ako.

Koma liwu lomweli ndi limene olemba Chipangano Chatsopano adaligwiritsa ntchito ponena za tchimo. Choncho anthu ophunzira a ku Ulaya atayamba kuwerenganso Aristotele, ambiri adamva tchimo pamene iye ankanena za kuphonya. Ankafunanso kuti masewero aziphunzitsa mwambo, wabwino alandire mphotho ndipo woipa alangidwe. Mfalansa wina, André Dacier, amene adamasulira kabukuka m'chaka cha 1692, adafunafuna zolakwa za Edipo nazipeza m'mkwiyo wake ndi m'kupupuluma kwake. Pambuyo pake, m'chaka cha 1904, A. C. Bradley adalemba buku lotchuka lonena za ngwazi za Shakespeare, nasonyeza m'mene khalidwe limodzi lopitirira muyeso limawonongera munthu wamkulu. Pa Macbeth, amene adapha mfumu yake chifukwa chosirira ufumu, ganizoli likhoza kuyenda. Vuto lidadza pamene lidalowa m'mabuku a sukulu ngati lamulo la masewero onse achisoni. Kuyambira pamenepo mwana aliyense amauzidwa kuti apeze chilema cha ngwazi, ndipo poti mwana womvera amapeza chimene wauzidwa kuti apeze, Edipo adasanduka wodzitama.

Tiyeni tsopano tioloke nyanja, tipite ku Amereka. Kanema wa The Godfather adatuluka m'chaka cha 1972. Adamukonza ndi Francis Ford Coppola kuchokera m'buku la Mario Puzo la 1969, ndipo Al Pacino ndiye adasewera ngati Michael. Tinene pano kwa makolo kuti si kanema woonera ndi ana aang'ono. Muli magazi ambiri. Nkhani imayamba m'chaka cha 1945, pa ukwati wa Connie, mwana wamkazi wa Vito Corleone, mkulu wa banja la zigawenga za ku New York lochokera ku chilumba cha Sisile. Michael, mwana wamwamuna wamng'ono, akufika atavala yunifolomu ya usilikali, pochokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Akusimbira bwenzi lake Kay m'mene bambo ake amaopsezera anthu, namutsimikizira kuti zimenezo nza banja lake, iye mulibemo.

Pano mnyamata wathu adaona bwino: Michael, monga Edipo, akuthawa za kwawo. Koma kufananako kumathera pomwepo. Edipo adathawa chinthu chimene sankachidziwa bwino, nathawira komwe kudali tsokalo. Michael ankadziwa zonse za ntchito ya bambo ake, ndipo adabwerera yekha. Vito atawomberedwa chifukwa chokana kugwirizana ndi Sollozzo pa malonda a mankhwala ozunguza bongo, Michael adapita kuchipatala usiku, napeza kuti alonda onse achotsedwa, ndipo adapulumutsa bambo ake mwa kuwasamutsira m'chipinda china. Kufika apa palibe amene angam'dzudzule. Chotsatira chake ndicho chiyenera kuyikidwa pambali pa mphambano ya Edipo. Michael mwiniwake ndiye adapereka ganizo lakuti aphe Sollozzo pamodzi ndi McCluskey, mkulu wa apolisi amene ankam'teteza. Achibale ake adamseka, koma iye adafotokoza modekha m'mene zingachitikire, mpaka m'mene angagwiritsire ntchito atolankhani kuti anthu adziwe kuti wapolisiyo adali wakatangale. Mfuti idabisidwa kuchimbudzi cha nyumba yodyeramo. Michael adakaitenga, adabwerera patebulo, adakhalanso pansi kwa kanthawi, kenaka adawombera. Edipo adapha munthu wosam'dziwa, mwadzidzidzi, atayamba wamenyedwa. Michael adapha anthu odziwika maina, pa tsiku ndi malo okonzeratu, ali ndi nthawi yosinthira maganizo.

Chimake cha kanemayu ndi mwambo wa Ubatizo, ndipo mutu wa kanema uli ndi matanthauzo awiri chifukwa cha mwambowu: liwulo limanena bambo wa ubatizo, komanso ndi ulemu umene zigawengazo zimapereka kwa mkulu wawo. Vito atamwalira, Michael akuimirira m'tchalitchi ngati bambo wa ubatizo wa mwana wa Connie. Wansembe akumufunsa ngati akukana Satana ndi ntchito zake zonse, ndipo iye akuvomera m'malo mwa khandalo. Pa yankho lililonse kanema amatichotsa m'tchalitchi natisonyeza anthu ake akupha akuluakulu a mabanja ena, monga adawalamulira. Tsiku lomwelo akupita kwa Carlo, bambo wa mwana wobatizidwayo, amene adapereka mkulu wake Sonny kwa adani. Akumuuza kuti saphedwa, akum'patsa tikiti ya ndege kuti aulule, ndipo ataulula akum'potola khosi m'galimoto.

Ife amene tidaphunzira katekisimu tikudziwa kuti tchimo lalikulu limafuna zinthu zitatu: chinthucho chikhale chachikulu, munthu adziwe bwino, ndipo afune ndi mtima wonse. Muyeso umenewu, ngakhale Sofokelesi sadaudziwe m'mawu amenewa, ukutithandiza pa chimangirizo chathu. Pa Edipo choyamba chokha ndicho chilipo. Pa Michael zonse zitatu zilipo, ndipo Coppola adayika kuphako pakati pa malonjezo a Ubatizo kuti tisakayike kuti munthuyu akudziwa dzina la chimene akuchita.

Pamenepa ndi pamene tidam'langiza mnyamata uja kuti amange chimangirizo chake. Asandandike zofanana zisanu kapena khumi, pakuti anthu awiri alionse a m'nkhani akhoza kufanana pa zinthu khumi. Afunse funso limodzi kwa onse awiri, lakuti munthuyu akuchita chiyani ndi choonadi, ndipo atenge chochitika chimodzi mbali iliyonse. Kwa Edipo atenge pamene akufunsa mbusa. Mbusayo akunjenjemera, akuti wafika pa mawu oopsa kuwanena. Mfumu ikuvomera kuti ngoopsanso kuwamva, komabe ikum'kakamiza kuti anene, pamaso pa akuluakulu a mzinda. Kwa Michael atenge mathero a kanema. Connie wam'kalipira kuti wapha mwamuna wake. Kay, amene tsopano ndi mkazi wake, akumufunsa ngati n'zoona. Michael akum'lola kufunsa kamodzi kokha, akumuyang'ana m'maso, nakana. Kay akum'khulupirira, akutuluka kukakonza zakumwa, ndipo potembenuka akuona anthu akupsompsona dzanja la mwamuna wake, kenaka mmodzi wa iwo akutseka chitseko. Chakumapeto kwa sewero la Edipo zitseko za nyumba yachifumu zimatsekulidwa kuti anthu onse aone wakhunguyo. Kanema amatha ndi chitseko chotsekedwa, wopalamula ali pampando wa bambo ake.

Chifukwa chimene kanema adathera motero chilinso ndi mbiri yake. Akadakonzedwa zaka 20 m'mbuyomo sakadaloledwa. M'chaka cha 1930 makampani a kanema a ku Amereka adavomera malamulo a makhalidwe, amene adalembedwa makamaka ndi Akatolika awiri, Martin Quigley ndi wansembe wa chipani cha Ajezwiti, Daniel Lord, ndipo kuyambira 1934 adayamba kutsatidwa mwamphamvu. Limodzi mwa malamulowo lidali lakuti oonera asakokedwe kuti akhale mbali ya wochita zoipa. Chigawenga chinkayenera kugwa nkhani isanathe, kawirikawiri chitawomberedwa. Tikayang'anitsitsa, ndi ganizo lomwe lija la Dacier, lakuti sewero lilange woipa pamaso pa anthu. Malamulowa adathetsedwa m'chaka cha 1968, ndipo m'malo mwake mudabwera dongosolo longosonyeza msinkhu wa oyenera kuonera. Patangopita zaka zinayi Michael Corleone adapambana adani ake onse, osamangidwa, osaphedwa.

Kodi tsono Aristotele akadam'landira? M'mutu 13 womwe uja adati munthu woipa wokwera kuchoka pa mavuto kufika pa mwayi ndiye wosayenera konse m'sewero lachisoni. Tikayang'ana chuma ndi mphamvu, Michael ndi wotero. Koma oonera ambiri amatuluka ali ndi chisoni, ndipo sitiyesa kuti akulakwa. Chisonicho chili pa mnyamata wa yunifolomu uja amene tidamuona paukwati. Iye ndiye wagwa, ngakhale kuti palibe wina m'kanemamo amene akuona kugwako koposa ife oonera. M'sewero la Agiriki ngwazi imazindikira, ndipo oonera amalira nayo. M'kanemayu kuzindikira kudasamutsidwa: kudachoka kwa ngwazi, kudapatsidwa kwa Kay pang'ono, ndi kwa ife kwambiri. Uku ndiye kusiyana kwenikweni kwa mitundu iwiriyi ya nkhani, ndipo chimangirizo chikafika apa chanena kanthu.

Mnyamata uja adatsutsa pa mfundo imodzi, ndipo adachita bwino. Adati Michael naye sadasankhe banja lobadwiramo, ndipo akadapanda kupha Sollozzo bambo ake akadaphedwa. N'zoona, ndipo chimangirizo chabwino chiyenera kuvomereza kuti kupha koyambako kuli ndi pothawira. Koma yankho lili m'kanema wachiwiri, wa 1974. Kumeneko Fredo, mkulu wake wofooka, adam'pereka kwa adani. Michael adalamula kuti asam'chite kanthu mayi awo ali moyo. Mayiwo atamwalira adam'kumbatira Fredo pamaliro, adam'lola kukhala pakhomo, ndipo pambuyo pake, adani onse atatha mphamvu, adatuma munthu kukam'wombera m'bwato pa nyanja ya Tahoe, Fredoyo akunena pemphero la Tikuoneni Maria. Padalibenso woti n'kupulumutsidwa. Ngati tifuna mnzake wa Michael pakati pa Agiriki, Aristotele adatipatsa kale m'mutu 14, pamene adasiyanitsa opha abale awo osadziwa ndi opha akudziwa. Chitsanzo chake cha opha akudziwa ndi Medeya wa m'sewero la Yuripidesi la 431 Khristu asanabadwe, mayi amene adapha ana ake kuti akhaulitse mwamuna wake, nachoka osalangidwa.

Chenjezo lotsiriza limene tidam'patsa ndi lakuti atchule poyambirira penipeni kuti akunena za Edipo uti ndi Michael uti. Nthano si sewero. Kwa Homeri, amene adakhalako zaka mazana angapo Sofokelesi asanabadwe, Edipo adapitiriza kulamulira Tebesi zoona zitaululika. Michael nayenso ali ndi kanema wachitatu, wa 1990, m'mene atakalamba akuulula kwa kadinala kuti adapha mbale wake, ndipo pambuyo pake mwana wake wamkazi akuphedwa ndi chipolopolo chimene chidalinga iye. Wolemba za kanema wachitatuyo akhoza kunena za kuzindikira ndi chilango. Wolemba za woyamba yekha sangatero popanda kunamizira nkhaniyo.

Patapita sabata mnyamata uja adabweranso ndi chimangirizo chatsopano, chachifupi kuposa choyamba. Adasankha sewero la Mfumu Edipo ndi kanema wa 1972 basi. Mwambi uja adauchotsa. Liwu lakuti kudzitama lidatsala pamalo amodzi okha, pamene ankafotokoza mkangano wa Edipo ndi Kireoni, ndipo pamenepo tidalisiya.